Tinalemba msika wonse m'kaundula, koma ndalama sizinabwere: lipoti la ntchito ya msonkho pakati pa ogulitsa malonda

Ndinagwira ntchito zaka zingapo mu ofesi yotolera msonkho, m'chigawo choona za mabizinesi ang'onoang'ono. Lipotili ndi la ntchito imodzi imene tinapatsidwa: kulowa mumsika wina waukulu wa mumzinda, kulemba m'kaundula aliyense wogulitsa, ndi kumupatsa nambala ya msonkho. Sinditchula dzina la msikawo kapena anthu ake, ndipo ziwerengero za ndalama ndaziika pa 100 iliyonse, chifukwa zimene tinakumana nazo kumeneko zimachitikanso m'misika ya m'mayiko ambiri.

Zimene tinatumidwa

Maganizo a akuluakulu athu anali osavuta kuwamva. Mu 2018 bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linalengeza kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, kuposa 60 pa 100 alionse amene ali pa ntchito, amapeza zosowa zawo kudzera m'ntchito ndi malonda osalembetsedwa ku boma. Munthu wotolera msonkho akamva chiwerengero chotere, n'kudutsa pamsika n'kuona khamu la anthu ndi ndalama zikusinthana manja kuyambira m'bandakucha, amangoti: aliyense wa awa atapereka kangachepe, thumba la boma likhoza kudzaza. Nanenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Tinapita ndi matebulo, mafomu ndi chimkuzamawu. Tsiku loyamba, tisanamalize n'komwe kutsitsa katundu m'galimoto, mabenchi a mzere wakutsogolo anali atafundikidwa kale ndi nsalu. Pena panatsala mwana, ndipo ukafunsa ankangoti, "Eni ake atuluka." Sabata yoyamba inatha tili ndi mafomu ochepa kwambiri. Zinthu zinasintha m'sabata yachiwiri, osati chifukwa cha uthenga wathu ayi, koma mphekesera imene inabuka yakuti wopanda nambala adzalandidwa malo. Ife sitinanene zimenezo, komanso sitinazitsutse mwamphamvu monga tinkayenera kuchitira. Mizere inatalika, kaundula anatupa, ndipo lipoti lathu lopita kwa akuluakulu linaoneka lokongola.

Vuto linaonekera nthawi yopereka mafomu a msonkho itakwana. Ambiri sanabwere. Mwa amene anabwera, ochuluka analemba kuti alibe choti apereke, ndipo malinga ndi lamulo sankanama. Kompyuta ya ku ofesi, imene sidziwa nkhope ya munthu, inayamba kuwerengera chindapusa aliyense amene sanapereke fomu, mwezi ndi mwezi. Titayesa kuimba mafoni, manambala ambiri sankapezekanso. Ena anali atasiya malonda, ena atasamukira msika wina, ena tinawalemba kawiri chifukwa dzina linalembedwa mosiyana pang'ono. Tinali ndi ngongole yaikulu yapapepala imene palibe akanaitolera, ndipo anzathu amene akanakhala akufufuza mabuku a makampani akuluakulu ankathera tsiku akutsatira mayina amenewa.

Apa m'pamene ndinapempha chilolezo chobwerera kumsikako popanda tebulo ndi chimkuzamawu, kuti ndikakhale pansi ndi ogulitsa angapo ndi kuona m'mene ndalama zawo zimayendera.

Kope la mayi a mabeseni

Amene anandithandiza kwambiri anali mayi ena achikulire ogulitsa mabeseni, ndowa ndi makapu apulasitiki. Anali pamsikapo zaka zambiri, ndipo anzawo ankawamvera. Masiku awiri oyamba sanandiuze kanthu kenikeni. Tsiku lachitatu anatulutsa kope lasukulu lothothoka chikuto, lomangidwa ndi kalamba, limene ankalisunga pansi pa mulu wa mabeseni. Munalibe mawu akuti phindu kapena kuluza. Munali mayina a amene anatenga katundu pa ngongole, masiku amene anapita kukapikula, ndi ndalama zimene anatuluka nazo m'thumba tsiku lililonse. Anati, "Bwana, inu mumati sitikhoma msonkho. Tawerengani nokha apa, mundiuze tsiku limene ndinagona osapereka kanthu."

Tinawerengera limodzi miyezi itatu, ndipo chithunzi chake chinali chotere. Pa ndalama 100 zilizonse zimene ankalandira kwa ogula, 82 zinkabwerera kumene anapikula katunduyo. Zotsala zinali 18. Pa 18 zimenezo, 3 zinkapita ku thiransipoti, 1 kwa mnyamata wonyamula katundu pa wilibala m'mawa ndi madzulo, 2 kwa mwini kanyumba kosungiramo katundu usiku pamodzi ndi alonda, 2 ku chiphaso cha tsiku ndi tsiku cha khonsolo, ndipo 2 zinkatayika pa katundu wosweka ndi ngongole zosabwezedwa. Zotsala m'manja mwawo zinali 8. Pa 8 zimenezo m'pamene pankachokera lendi, fizi ya adzukulu, mankhwala, ndi china chilichonse cha pakhomo.

Titawonkhetsa 8 zimenezo kwa chaka chonse, tinapeza kuti sizinkafika pa mlingo umene munthu amayambira kukhoma msonkho wa pa zimene wapeza. Mayiko ambiri ali ndi mlingo umenewu, ndipo wogwira ntchito yolembedwa amene malipiro ake ali pansi pa mlingowo sadulidwa kanthu. Mayiwa akanakhala kalaliki wolandira ndalama zomwezo pamwezi, palibe akanawatchula ozemba msonkho. Ichi ndi chifukwa choyamba komanso chachikulu chimene ogulitsa ambiri alili kunja kwa kaundula: lamulo lenilenilo silifuna kanthu kwa iwo.

Chachiwiri ndi chakuti ankapereka kale, kungoti ndalama zakezo sizinkadutsa ku ofesi yathu. Chiphaso cha khonsolo n'chochepa ukachiona pa tsiku limodzi, koma 2 poyerekeza ndi 10 zimene akanatsala nazo chikanakhala kuti palibe, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a phindu lawo. Ndipo chiphaso sichiona kuti lero kwagwa mvula ndipo palibe wagula. Wotolera amafika m'mawa, malonda asanayambe, ndipo amalandira zofanana kwa wogulitsa masingano ndi kwa wogulitsa katundu wodzaza lole. Mayiwa anandionetsanso masiku amene anapereka ndalama koma osapatsidwa tikiti, kapena kupatsidwa tikiti yong'ambidwa kale. Kwa iwo, khonsolo, ofesi yathu, oyeza masikelo, a zaumoyo ndi apolisi a mumzinda, onsewo ndi boma limodzi lobwera ndi mayunifolomu osiyana.

Pali msonkho winanso umene unabisika m'kati mwa 82 zija. Katundu wa m'fakitale amakhala ndi msonkho wa vati. Tiyerekeze kuti vati ndi 16 pa 100, monga ilili ku Kenya. Ndiye kuti pa 82 zimene mayiwa ankapereka popikula, pafupifupi 11 zinali vati. Sitolo yolembetsedwa imachotsera vati imene yalipira pogula katundu pa vati imene yatolera pogulitsa. Wosalembetsa alibe mwayi umenewu, amatengedwa ngati wogula womaliza. N'zoona kuti gawo lalikulu la msonkhowu amalikankhira kwa ogula kudzera pa mtengo, koma kumbali ya boma nkhani yake ndi iyi: ngati wowapikulitsa uja wapereka zake, boma lalandira kale 11, ndipo chimene likuphonya pa benchi ya mayiwa ndi vati ya pa 18 zija basi, imene sikwana n'komwe 3.

Nditawafunsa chimene ankaopa pa kulembetsa, sanatchule kukula kwa msonkho. Anatchula tsiku. Kupita ku ofesi yathu kunkatanthauza kutseka benchi, kulipira basi, kuima pamzere, mwina n'kuuzidwa kuti netiweki yavuta mubwere mawa. Anatchulanso kuti ndalama za mumsika sizigona. Zimene zalowa lero, mawa m'mawa zasanduka katundu. Kupereka pang'ono tsiku lililonse amakwanitsa, koma kuwauza kuti asunge ndalama za miyezi itatu adzapereke pakamodzi ndi kuwauza kuti adye mpamba kapena apite kwa akatapila. Pomaliza anandilozera ngalande yotsekeka imene inkadutsa kuseri kwa benchi yawo, ndi chimbudzi cha msika chimene ankalipiranso pachokha polowa. Anati, "Zaka zonsezi ndikupereka, ngalande iyi ndimatokosa ndekha ndi ndodo. Mukandilemba m'buku lanu, chisinthe n'chiyani?" Ndinalibe yankho loona loti ndiwapatse.

Funso lawolo ochita kafukufuku analiyesapo. Ku Sri Lanka anatenga eni mabizinesi ang'onoang'ono osalembetsedwa, n'kuwafotokozera ndondomeko yonse yolembetsera komanso kuwalonjeza kubweza ndalama zolembetsera. Zimenezo sizinasinthe kanthu. Koma ataonjezera ndalama pamwamba, zofanana ndi phindu la miyezi iwiri, pafupifupi theka analembetsa. Anthuwa sankasowa uthenga. Anali atawerengera kale, n'kuona kuti kulembetsa kulibe chowapatsa.

Njira zimene maboma ayesa

Popeza wogulitsa mumsika sasunga mabuku oti n'kuwerengerapo phindu, maboma ambiri amagwiritsa ntchito msonkho wongoyerekeza. Mtundu wake wofala ndi msonkho wa pa zonse zimene wagulitsa, osachotsera zimene wawononga. Kenya inauyamba mu 2008 pa 3 pa 100. Pomva, 3 ndi kanthu kochepa. Koma tauikani pa kope la mayi aja: 3 pa 100 zimene agulitsa zikuchokera pa 8 zimene atsala nazo, kutanthauza kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lawo. Kampani yaikulu m'mayiko ambiri imakhoma pafupifupi 30 pa 100 ya phindu, ndiye kuti mayi a mabeseni akanaiposa. Pamene telala wa mzere womwewo, amene pa 100 zilizonse amatsala ndi 50 chifukwa chimene amagulitsa ndi luso la manja ake, 3 yomweyo ndi 6 pa 100 chabe ya phindu lake. Msonkho wa mtunduwu umapweteka kwambiri ogula n'kugulitsa, amenenso ndiwo ochuluka mumsika uliwonse. N'chifukwa chake pamafunika mlingo wapansi woti amene sanaufike asakhudzidwe, ndipo mlingowo uzikwezedwa mitengo ya zinthu ikamakwera. Ukasiyidwa zaka zambiri osasinthidwa, umayamba kukola anthu amene sanalemere n'komwe.

Ghana inayesa kudzera m'mabungwe a anthu eni ake. Kuyambira mu 1987, mabungwe a ochita ntchito zosiyanasiyana, makamaka a oyendetsa magalimoto onyamula anthu, anapatsidwa udindo wotolera msonkho kwa mamembala awo pang'onopang'ono, n'kumalandira kagawo pa zimene atolera. Nzeru yake inali yabwino, pakuti atsogoleri a bungwe amadziwa aliyense, ndipo kupereka pang'onopang'ono kumagwirizana ndi m'mene ndalama zimabwerera. Chimene chinavuta ndi chakuti ndalama zina zinkathera m'njira zisanafike ku boma, ndipo mabungwe amene anali paubwenzi ndi olamula zinali zovuta kuwafunsa. Mu 2003 boma linasintha n'kuyamba kugulitsa masitika a miyezi itatu omata pagalimoto, ndipo mu 2005 linabweretsa sitampu ya msonkho ya amalonda ang'onoang'ono, imene mtengo wake umatengera mtundu ndi kukula kwa bizinesi. Phunziro limene ine ndinatolapo ndi lakuti komiti ya msika ndi yothandiza podziwa anthu, koma ikayamba kugwira ndalama za boma pamafunika diso lina loiyang'anira, apo ayi ofooka mumsikamo ndi amene amapanikizidwa.

Ku Tanzania, mu Disembala 2018, Pulezidenti John Magufuli anakhazikitsa ziphaso za ogulitsa malonda ang'onoang'ono, za mashilingi 20,000 pa chaka, za amene malonda awo saposa mashilingi 4 miliyoni pa chaka. Lonjezo lake linali lakuti wokhala ndi chiphasochi asavutitsidwe kapena kulipiritsidwa zina. Apa boma linagwira pamene pali mtima wa wogulitsa, chifukwa chimene amafuna koposa ndi kugulitsa mwamtendere, osathamangitsidwa kapena kulandidwa katundu. Koma mu 2021 ogulitsa ambiri anachotsedwa m'misewu ya Dar es Salaam. Wogulitsa amene waona zotere savutikanso kumvetsa mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Njira imene ndimaiona kuti inayankha funso la mayi aja mosapita m'mbali ndi ya ku Brazil. Kuyambira mu 2009, munthu wochita bizinesi payekha amatha kulembetsa pansi pa ndondomeko yotchedwa MEI, n'kumapereka ndalama yokhazikika pamwezi. Pafupifupi yonseyo imapita ku thumba la penshoni ndi chithandizo cha pa nthawi ya matenda kapena uchembere, ndipo msonkho weniweni pa wogulitsa katundu ndi kandalama kamodzi ka dzikolo pamwezi. Anthu mamiliyoni ambiri analembetsa. Ngakhale kumeneko ambiri amatsalira m'mbuyo pa kulipira, ndipo palibe anganene kuti ndondomekoyi imalemeretsa boma. Cholinga chake ndi kuteteza anthu, ndipo imafuna dziko limene lili kale ndi thumba la penshoni loyenda bwino.

Zaka zaposachedwapa maboma ena atembenukira ku ndalama zotumizirana pafoni, poganiza kuti kumeneko ndiko angawapezere amalonda osalembetsa. Uganda inaika msonkho wa 1 pa 100 mu Julayi 2018, ndipo chaka chisanathe inautsitsa kufika pa theka, pa kutapa ndalama pokha. Ghana inayamba wake mu Meyi 2022 pa 1.5 pa 100, inautsitsa kufika pa 1, kenako n'kuuthetsa mu 2025. Msonkho wotere susiyanitsa phindu ndi mpamba, kapena malonda ndi ndalama yotumizira wodwala, ndipo anthu akaumva kuwawa amangobwerera ku ndalama zapamanja, zimene sizisiya mapazi.

Kutsatira katundu

Kubwerera ku msika wathu uja, chimene chinatsegula maso athu chinali funso laling'ono. Pofuna kutsimikiza za vati ya m'kati mwa 82 zija, ndinapempha mayi aja kuti andionetse malisiti a kumene amapikula. Anaseka pang'ono n'kunena kuti kumeneko sikuperekedwa lisiti, amangolemba pakapepala kong'amba. Ndinafunsa ena a mzere womwewo, ndipo dzina la wowapikulitsa linkatuluka limodzimodzi. Nditafufuza m'kaundula wathu watsopano uja ndinamupeza bamboyo: tinamulemba tokha, m'gulu la ogulitsa ang'onoang'ono, ndipo anali mmodzi mwa ochepa amene ankapereka mafomu awo pa nthawi yake, ndi kandalama kochepa mwezi uliwonse.

Benchi yake inali yaing'ono kuposa ya mayi aja. Pankakhala beseni limodzi la mtundu uliwonse, mafoni atatu, ndi mnyamata wolemba m'kabuku. Palibe katundu ankagulitsidwa pamenepo. Munthu ankalipira, n'kupatsidwa kapepala, n'kupita nako kuseri kwa msika kumene kunali zipinda zosungiramo katundu. Tinafika tsiku lina kusanache n'kuima chapatali. Lole inatsitsa mitolo yomangidwa m'mapulasitiki, ndipo pamene dzuwa linkatuluka mawilibala anali atayamba kale kuyenda mondondozana kulowera m'mizere yosiyanasiyana. Pofika nthawi imene ofesi yathu imatsegulidwa, pamalopo panalibe chizindikiro chilichonse.

Zizindikiro za wamalonda wamkulu wobisala pakati pa ang'onoang'ono zinakhala zodziwika titaphunzira kuziona. Katundu wa pabenchi sagwirizana ndi kuchuluka kwa anthu obwera kudzalipira. Ali ndi antchito amene amawalipira, pamene wogulitsa wamng'ono amathandizidwa ndi mwana kapena mbale. Amalipira lendi ya zipinda zingapo, ndipo amakongoza anzake katundu, chinthu chimene wopanda mpamba sangachite. Bamboyu anali atagawanso bizinesi yake m'mayina a mkazi wake, mng'ono wake ndi mlamu wake, aliyense ndi nambala yakeyake ya msonkho, aliyense akuonetsa malonda ofika pansi pang'ono pa mlingo umene bizinesi ikaufika imayenera kulembetsa vati. Ichi chimaoneka ngakhale uli mu ofesi. Ukandandalika amalonda onse malinga ndi zimene amanena kuti agulitsa, n'kupeza kuti ambiri aunjikana pansi penipeni pa mlingo ndipo pamwamba pake pali mbee, dziwa kuti ena akudzichepetsa dala.

Umboni weniweni unachokera ku mapepala amene boma linali nawo kale. Tinapempha anzathu a kasitomu kuti atipatse zolemba za katundu wolowa m'dziko. Poyamba dzina lake silinapezeke, chifukwa ankaitanitsa kudzera kwa munthu wophatikiza katundu wa amalonda ambiri mu kontena imodzi, ndipo pepala limatuluka m'dzina la wophatikizayo. Tinachita kupempha mndandanda wa eni katundu wa m'makontenawo. Tinayerekeza zimenezo ndi mabuku a fakitale ina ya m'dziko momwemo imene inkamugulitsa ndowa, ndi mapangano a lendi ya zipinda zija. Titaphatikiza mayina anayi aja, malonda ake anali opitirira mlingo wa vati kangapo. Mitengo imene inkalembedwa ku kasitomu inalinso yotsika kwambiri poyerekeza ndi imene ankagulitsira. Choncho 11 zija, zimene ndinkaganiza kuti boma lalandira kale kudzera mwa mayi a mabeseni, gawo lake lalikulu silinkafika. Mayiwo ankalipira mtengo umene ankauzidwa, koma msonkho wake unkatsakamira panjira.

Sindikufuna kuti zimveke ngati bamboyu anali chigawenga chachilendo. Titamuitana anabwera, ndipo anayankhula mosabisa. Anati, "Akuluakulu, ine ndikayamba kuika vati pamtengo, mawa makasitomala anga onse apita kwa mnzanga wa chipinda chachiwiri, amene simunamugwire." Ankanena zoona. Makasitomala ake anali osalembetsa, lisiti ya vati inalibe ntchito kwa iwo, ndipo ankangoona mtengo basi. Kugwira mmodzi n'kusiya anzake ndi kungomuphera bizinesi popanda boma kupindula. Tinayenera kuchedwa miyezi ina kuti tisonkhanitse umboni wa opikulitsa onse akuluakulu a katundu wa mtunduwo, n'kuwalowetsa pa nthawi imodzi.

Zimene tinasintha, ndi pamene zinatikanika

Tinapempha zinthu zingapo, ndipo zina zinaloledwa. Mayina a ogulitsa amene anali pansi pa mlingo tinawachotsa pa mndandanda wa oyenera kupereka fomu mwezi ndi mwezi, ndipo zindapusa zimene kompyuta inawaunjikira zinafafanizidwa. Izi zinatenga nthawi, chifukwa kuchepetsa chiwerengero cha olembetsedwa kunkaoneka ngati kubwerera m'mbuyo kwa amene ankayeza ntchito yathu poona kutalika kwa kaundula. Ndimakhulupirira kuti muyezo umenewu ndi umene umasocheretsa maofesi ambiri a msonkho. Funso loyenera ndi lakuti, pa ndalama iliyonse imene tawononga potolera, tabweza zingati, ndipo zachokera kwa yani.

Opikulitsa akuluakulu aja analembetsedwa vati, mabizinesi ogawidwa m'mayina a achibale anaphatikizidwa, ndipo tinagwirizana nawo za kubweza zakale pang'onopang'ono. Ndalama zimene zinachokera kwa anthu ochepa amenewa zinaposa kutali zimene tinatolera kwa msika wonse pa chaka cha kalembera uja. Komabe sizinathere bwino zonse. Mitengo yopikulira inakwera, ndipo mayi a mabeseni anandiuza kuti kwa miyezi ingapo 8 zawo zija zinatsika, chifukwa ogula sanalole kukwera kwa mtengo msanga. Mmodzi mwa opikulitsawo anatseka zipinda zake n'kusamukira kumene sitinamupezenso. Winanso anali ndi anzake amphamvu, ndipo fayilo yake inkayenda pang'onopang'ono kuposa ena onse. Ogulitsa ena anayamba kundikayikira, poganiza kuti ndinawagwiritsa ntchito kuti ndipeze munthu amene ankawakongoza katundu pa nthawi yovuta. Sindinatchulepo dzina la aliyense wa iwo m'mafayilo, koma nkhawa yawo ndinaimvetsa, popeza ngongole ya katundu imene iye ankawapatsa palibe banki ikanawapatsa.

Za chiphaso cha tsiku ndi tsiku sizinali m'manja mwathu, pakuti ndi ndalama za khonsolo. Tinakhala nawo pansi kangapo, pamodzi ndi komiti ya msika. Tinapempha kuti matikiti akhale ndi manambala otsatizana ndi deti, kuti zotoleredwa pa sabata zizilembedwa pa bolodi pachipata, ndiponso kuti gawo lodziwika la ndalamazo lizitsala pamsika pomwepo kuti lizikonzera ngalande, magetsi ndi zimbudzi. Matikiti a manambala anayamba, ndipo zotoleredwa zinakwera popanda kukweza chiphaso, zimene zinasonyeza kumene ndalama zinkatayikira. Bolodi linalembedwa miyezi iwiri yokha. Za gawo lotsala pamsika, a khonsolo anati ndalama za m'misika ndi zimene amalipirira antchito awo, ndipo sangazimange pa ntchito imodzi.

Ulendo wanga womaliza kumsikako, mayi aja anandionetsa tsamba latsopano m'kope lawo, pamene anayamba kumata malisiti a kopikula ndi matikiti a chiphaso motsatana masiku. Anandifunsa ngati mapepala amenewo angawathandize kupeza ngongole ya mpamba ku banki. Ndinawauza kuti angathandize kusonyeza kukula kwa malonda awo, koma banki idzafunanso chikole, ndipo benchi imene akhalapo zaka zonsezi ilibe pepala lililonse losonyeza kuti ndi yawo. Ndinalemba pempho lakuti ogulitsa okhazikika apatsidwe mapepala a malo awo a zaka zingapo, ndipo pamene ndinkasamutsidwira ku chigawo china linali lisanayankhidwe. Ngalande ija inali itakonzedwa mbali ya kuchipata, koma kuseri kwa mzere wa mabeseni inali ikadali yotsekeka.